Kumasulira nyimbo kuti iimbike m'Chichewa

Nyimbo yomasuliridwa kuti iimbidwe imakhala ndi malire amene nkhani wamba ilibe. Womasulira kalata kapena nkhani ya m'nyuzipepala ali ndi ufulu wotalikitsa chiganizo mpaka tanthauzo litakwana. Womasulira nyimbo amapeza chuni chitamangidwa kale: manoti ake ndi owerengeka, ena ndi aatali ena aafupi, ena ali pomwe phazi limagunda pansi ena pomwe limanyamuka, ndipo malo opumira anaikidwa kale. Mawu a Chichewa amayenera kulowa m'malo amenewo popanda kupotoka. Vutoli limaoneka bwino kwambiri pa nyimbo zochokera ku Chingerezi, monga zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu ndi makolasi amene makwaya amamasulira okha, chifukwa Chingerezi ndi Chichewa zimasiyana pa zinthu ziwiri zimene nyimbo imadalira, kutalika kwa mawu ndi malo amene mawu amalemerera.

Chiyambi cha ntchito yonse ndi kuwerenga maphatikizo. Kawirikawiri phatikizo limodzi limatenga noti imodzi, ndiye chifukwa chake mabuku ambiri a nyimbo a Chingerezi amalemba manambala pamwamba pa nyimbo. Manambala 8.6.8.6 amatanthauza kuti ndime ili ndi mizere inayi, woyamba wa maphatikizo 8, wachiwiri 6, wachitatu 8, wachinayi 6. Nyimbo ya John Newton yonena za chisomo, imene inasindikizidwa mu 1779, ili pa muyeso umenewu. Ndime yonse ili ndi malo 28 okha. Mngerezi amatha kunena zambiri m'malo 28 chifukwa mawu ake ochuluka ndi a phatikizo limodzi. Mawu ake otanthauza chikondi, chisomo, mtima ndi Mulungu onse ndi a phatikizo limodzilimodzi, pamene m'Chichewa lililonse mwa mawu anayiwa lili ndi maphatikizo atatu. Mneni ndiye amatalika koposa, pakuti amanyamula mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani m'thupi mwake: "sindidzakuiwalani" ndi liwu limodzi, koma maphatikizo ake ndi 8, mzere wathunthu.

Powerenga pamafunika kusamala ndi lembo la m. Mu "mbale" yodyera, m ndi b zimatuluka pamodzi ndipo maphatikizo ndi awiri, mba-le. Mu "m'bale" wobadwa naye, m amaima payekha ndipo maphatikizo ndi atatu, m-ba-le. Chimodzimodzi "mtima" ndi m-ti-ma, "m'nyumba" ndi m-nyu-mba, koma "mvula" ndi mvu-la. M woima payekhayu angapatsidwe noti yakeyake, makamaka yaifupi, kapena angamezedwe n'kuphatikana ndi phatikizo lotsatira. Womasulira amayenera kusankha chimodzi ndi kuchisonyeza, chifukwa akapanda kutero theka la kwaya limamuimba, theka lina limamumeza.

Chinthu chachiwiri, chimene ambiri sachiona ngakhale makutu awo amachimva, ndi kulemera kwa phatikizo. M'Chichewa liwu limalemerera pa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, ndipo kumapeto kwa chiganizo phatikizo limenelo limakokedwa ndithu. Polemba phatikizo lolemera m'malembo aakulu, Mchewa amati chiKOndi, muLUngu, ndakuSOwa, kumuNDAko. Phatikizo lomaliza limakhala lopepuka, lotsika, ngati mawu akungotera pansi. Nyimbo zambiri za Chingerezi zimayenda mosiyana: mzere umayamba ndi noti yopepuka, kenako yolemera, yopepuka, yolemera, mpaka kuthera pa noti yolemera ndi yaitali. Pa mzere wa maphatikizo 8 kulemera kumagwera pa malo achiwiri, achinayi, achisanu ndi chimodzi ndi achisanu ndi chitatu. Mawu a Chichewa akaikidwa pamenepo mosasamala, noti yaitali yomaliza imagwera pa phatikizo limene polankhula silimveka n'komwe, ndipo mpingo umaimba chikoNDI, muluNGU. Anthu anazolowera kuimba chomwecho m'tchalitchi mpaka ena amaganiza kuti ndiko kuimba kwa mapemphero, koma palibe amene amalankhula motero pakhomo.

Si nyimbo zonse zimavuta mofanana. Zimene mizere yake imayamba ndi noti yolemera, monga za muyeso wa 8.7.8.7, zimagwirizana ndi Chichewa theka la njira. Nyimbo ya Joseph Scriven yonena za ubwenzi wa Yesu ndi ya mtundu umenewu. Pa mizere yake ya maphatikizo 8 kulemera kuli pa malo oyamba, achitatu, achisanu ndi achisanu ndi chiwiri, ndipo mzere umathera pa noti yopepuka. Chiganizo ngati "DZUwa LIkaLOwa LEro" chimalowamo chokha osakankha. Mizere ya maphatikizo 7 ndiyo imathera pa noti yolemera, ndipo vuto lija limabwereranso. Choncho womasulira asanalembe liwu ndi limodzi lomwe amayenera kuimba chuni ndi "la la la" akuomba m'manja, n'kulemba pa pepala malo amene kuombako kukugwera.

Njira yonse imaoneka bwino pa chitsanzo. Ndime yotsatirayi ndi yongopeka pofuna kuphunzitsira. Tinene kuti ndi ya Chingerezi, ya muyeso wa 8.6.8.6, ndipo woimba ndi mayi amene mwana wake anapita kutali. Sitepe yoyamba ndi kumasulira tanthauzo lonse osaganizira chuni:

Mvula ikayamba kugwa padenga usiku,
ndimakhala maso kuganiza za iwe;
njira imene inakutenga ndi yaitali,
koma chitseko changa sinditseka.

Mzere woyamba uli ndi maphatikizo 14, wachiwiri 13, wachitatu 15, wachinayi 11. Onse pamodzi ndi 53, pamene malo alipo 28. Pafupifupi theka liyenera kuchoka, ndipo apa ndi pamene luso lenileni limayambira, chifukwa kudula mwachisawawa kumachotsa mutu n'kusiya mchira. Womasulira amafunsa kuti ndime ikunena chiyani chimene sichingasowe. Pano ndi zinthu zinayi: mvula ya usiku, kusowa tulo, kutalika kwa ulendo, ndi chitseko chosatseka. Denga, kuyamba kwa mvula ndi kuganiza zikhoza kusiyidwa kuti womvera azimve yekha.

Mzere woyamba umafuna kuyamba ndi phatikizo lopepuka. Liwu la maphatikizo atatu limachita zimenezi mwachibadwa, pakuti kulemera kwake kuli pakati: uSIku, paDEnga. Likatha, malo otsatira ndi olemera, ndipo pamakwana liwu la maphatikizo awiri: MVUla. Lina la awiri, Ili, limafikitsa pa malo achisanu ndi chiwiri. Patsala malo amodzi, noti yaitali yolemera ija, ndipo Chichewa chili ndi mawu ochepa kwambiri a phatikizo limodzi. Ngakhale aneni aafupi monga -dya, -mwa ndi -gwa sakonda kuima okha. Polamula munthu amati "idya", "imwa". Gulu limodzi lokha ndilo lili ndi mawu otere ambiri, olemera ndi okokeka: mawu a mvekero, monga phee, zii, mbee, bii, waa, gwa. Mzere ukhoza kukhala "Padenga mvula ili waa" kapena "Usiku mvula ili waa". Yonse iwiri ili ndi maphatikizo 8, kulemera kuli m'malo mwake, ndipo noti yaitali yagwera pa liwu limene ngakhale polankhula limakokedwa.

Chosankhitsa pakati pa iwiriyi ndi mzere wotsatira. Pa malo 6 kusowa tulo kukhoza kunenedwa kuti "m'maso muli gwa", m-MA-so MU-li GWA, pomwe m woima payekha watenga noti yopepuka yoyamba. Koma mawu akuti m'maso gwa amanenedwanso za munthu wosachita manyazi. Liwu lakuti "usiku" likakhala patsogolo, womvera amadziwa kuti nkhani ndi ya tulo. Likasowa, mpata wa tanthauzo linalo umatseguka. Ndiye denga ndilo limachoka. Umu ndi mmene zimakhalira nthawi zambiri: mzere sumasuliridwa pawokha, chifukwa chimene chatayidwa pamwamba chimafunidwa pansi.

Mzere wachitatu sungatherenso pa mvekero, pakuti atatu otsatizana angasandutse nyimbo ya chisoni kukhala ya masewera a ana. Njira ina ndi kugawa noti yaitali yomaliza pawiri, gawo loyamba lalitali ndi lolemera, lachiwiri lalifupi, kuti mzere ulandire maphatikizo 9 ndi kuthera mwa Chichewa. Chuni sichisintha kukwera ndi kutsika kwake, ndipo nthawi ya mzere imakhala yomweyo. Mawu oyamba kubwera m'mutu akhoza kukhala "Mwananga, bwera, ndakusowa". Amaimbika bwino kwambiri, mwaNAnga BWEra NDAkuSOwa, ndipo ndi Chichewa chenicheni. Koma asintha munthu woimbayo. Mayi wa m'ndime yoyambirira sakupempha mwana kuti abwere; akungonena kuti njira ndi yaitali, ndipo mphamvu ya ndimeyo ili pa kusapemphako. Mzere wokoma umene wanena zimene mwini nyimbo anakana kunena ndi wolakwa, ngakhale kwaya itaukonda. "Ulendo wako watalika" uli ndi maphatikizo 9 omwewo, uLEndo WAko WAtaLIka, ndipo wasunga kutalika kwa njira. Liwu lakuti "wako" labweretsanso mwana uja, amene anasowa pamene kuganiza kunachotsedwa mu mzere wachiwiri.

Mzere womaliza uli ndi msampha umene umakola omasulira ambiri. "Koma sinditseka" ali ndi maphatikizo 6 ndendende, ndipo wowerenga ndi zala amakhutira. Poimba pamatuluka koMA siNDItseKA: malo onse atatu olemera agwera pa maphatikizo olakwika. Kukwana kwa nambala sikutsimikiza kalikonse. Palinso ngozi ina, yakuti pa noti yopepuka ts amafooka ndipo omvera akhoza kumva "sindiseka". Kugawa noti yomaliza monga pa mzere wachitatu kumapereka malo 7, ndipo "chitseko sinditseka" imakhala bwino, chiTSEko SIndiTSEka, ts wagwera polemera ndipo chitseko chatchulidwa. Ndime yonse yakhala motere:

Usiku mvula ili waa,
m'maso muli gwa;
ulendo wako watalika,
chitseko sinditseka.

Zotayika ziyenera kuwerengedwa moona mtima. Denga lapita. Mawu akuti "koma" apita, ndipo kutsutsana kwa mizere iwiri yomaliza kwasiyidwa kuti kupuma kwa oimba kukusonyeze. Chachikulu n'chakuti "ikayamba" ndi "ndimakhala" ankanena za chizolowezi cha usiku uliwonse wa mvula, pamene ndime yatsopano ikunena za usiku umodzi. Kutaya kumeneku n'kovomerezeka chifukwa mtima wa mayiyo sunasinthe. Pali ngongole inanso: popeza ndime yoyamba yatenga muyeso wa 8.6.9.7, ndime zonse zotsatira ziyenera kutsata womwewo. Woimba payekha angathe kusinthasintha, koma mpingo wa anthu mazana umaphunzira ndime yoyamba n'kuimba zotsalazo motengera iyo, ndipo noti ikagawidwa pano n'kusagawidwa apo anthu amapunthwa. Mphunzitsi wa kwaya ayeneranso kuchenjezedwa za "mvula ili", chifukwa malembo a liwu awiri akakumana oimba amakonda kuwaphatikiza, ndipo phatikizo limodzi limasowa.

Kuphatikiza kotereku, kukachitidwa mwadala, ndi chida chachikulu chofupikitsira. Chichewa cholankhula chili nazo kale njira zambiri: "mwana wanga" amakhala "mwananga", "ndi ine" amakhala "nane", "zimene" amakhala "zomwe", "nyumba iyi" amakhala "nyumbayi". Chilichonse chimapulumutsa phatikizo limodzi. Chomalizachi chimachitanso ntchito ina, pakuti kachidutswa kowonjezera kumapeto kamasuntha kulemera: NYUmba amasanduka nyuMBAyi, MVUla amasanduka mvuLAyo. Womasulira amene kulemera kwamuphonya ndi malo amodzi akhoza kukonza mwa njira imeneyi. Malire ake ndi osavuta kuwadziwa. Kufupikitsa kumene anthu amachita kale polankhula n'kololedwa. Kudula liwu mwa njira imene palibe Mchewa anaimvapo, pongofuna kuti nambala ikwane, kumasiya chitsa cha liwu chimene mwana womvera sangachizindikire.

Nyimbo ya fuko la Malawi, imene Michael Sauka anapeka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964, imasonyeza kusinthanitsa kotereku pa mzere wake woyamba. Mzerewo uli ndi malo 9 m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe. M'zolembedwa zina dzina la Mulungu lafupikitsidwa kukhala Mlungu, ndipo mneni wasunga -ni waulemu. M'zina dzinalo lili lathunthu, koma mneni alibe -ni. Zonse ziwiri sizingakwane pamodzi, chifukwa maphatikizo angakhale 10. Nkhani ya ulemu imeneyi imakumana ndi womasulira aliyense, popeza Chingerezi cha lero chili ndi liwu limodzi loitanira mwana, mfumu ndi Mulungu yemwe. Chichewa chimakakamiza kusankha pakati pa iwe ndi inu, ndipo kusankhako kumakhudza muyeso: ndakuSOwa ali ndi maphatikizo anayi, ndakusoWAni ali ndi asanu ndipo kulemera kwasuntha. Chisankhochi chiyenera kuchitika pachiyambi ndi kusungidwa mpaka kumapeto. Nyimbo imene ikuti "inu" m'ndime yoyamba ndi "iwe" m'yachitatu, chifukwa chakuti malo anachepa, imamveka ngati woimbayo wapsa mtima pakati pa njira.

Omasulira akale a nyimbo za m'tchalitchi anali ndi njira yawo yothanirana ndi noti yolemera yomaliza. Ankaika kachidutswa ngati -tu, -di, -yo kapena -wo kumapeto kwa mzere. Liwu ngati "chikondi" likawonjezeredwa -tu limaimbika chiKOndiTU, tsinde likusunga kulemera kwake ndipo noti yaitali ikugwera pa kachidutswako. Nzeru inalipo, ndipo nyimbo zimenezo zaimbidwa ndi mibadwo ingapo. Koma polankhula liwulo ndi chikoNDItu, ndiponso -tu si chinthu chopanda tanthauzo: amatsindika, amachenjeza, nthawi zina amatsutsa. Akabwera pa mzere uliwonse amataya mphamvu yake, ndipo -yo woloza chinthu chimene sichinatchulidwepo amangosokoneza. Ndi bwino kuwasungira pomwe kutsindikako kulipodi.

Kukwera ndi kutsika kwa mawu ndi vuto la mtundu wina. M'Chichewa "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa mofanana koma amasiyana kamvekedwe. Chimodzimodzi "khungu" la pathupi ndi "khungu" la kusaona. Ngakhale nthawi ya mneni imadalira kamvekedwe: "ndimathandiza" akhoza kunena za chizolowezi cha masiku onse kapena za zimene zinkachitika kale, malinga ndi phatikizo limene lakwezedwa. Chuni chobwera chimafafaniza zonsezi, chifukwa mawu amakwera pomwe chuni chakwera. Palibe womasulira angagwirizanitse phatikizo lililonse ndi chuni chimene chinapekedwera chilankhulo china, ndipo sikofunika kutero, pakuti nthawi zambiri mawu oyandikana nawo amaongola tanthauzo. Chofunika ndi kufufuza mawu ochepa amene ali ndi anzawo ofanana nawo, n'kuona ngati mzere ukuwamasula. Ngati sukuwamasula, liwulo lisinthidwe: "ndinkathandiza" sasiya chikaiko pa nthawi yakale. Kumpoto kwa Malawi ena anatenga njira yosiyana kotheratu. M'mishoni ya Livingstonia, makamaka ku Embangweni m'nthawi ya Donald Fraser, Akhristu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole ankapeka nyimbo zatsopano pa maimbidwe a kwawo, kotero kuti mawu ndi chuni zinabadwira pamodzi. Zambiri mwa izo zili m'buku la Sumu za Ukristu.

Kufanana kwa mawu a kumapeto kwa mizere, kumene olemba nyimbo a Chingerezi amakulimbikira kwambiri, sikuyenera kudya nthawi ya womasulira. Pafupifupi aneni onse a Chichewa amathera ndi a, ndipo kufananako kumabwera kokha, monga "watalika" ndi "sinditseka" pamwambapa. Kupotoza chiganizo pofuna kufananitsa mathero ndi kulipira mtengo waukulu pa chinthu chimene khutu la Mchewa silichisowa kwenikweni. Nyimbo za kumudzi zimakometsedwa ndi kubwereza ndi kuvomerezana kwa wotsogolera ndi gulu. Zofunika kuposa pamenepo ndi malembo a liwu pa manoti aatali ndi okwera. A, o ndi e amatsegula pakamwa ndipo amakokeka mosavuta, pamene i ndi u amapanikiza mmero wa oimba mawu apamwamba. Malo opumira nawo amafuna diso: mzere usathere pa "wa", "ndi" kapena "kuti", chifukwa mpweya ukadula pamenepo chiganizo chimathyoka pakati.

Nyimbo yomasuliridwa imayesedwa ndi pakamwa ndi khutu, osati pa pepala. Choyamba womasulira amalankhula mzere monga angaulankhulire kwa mnzake, kenako amaunenanso akuomba m'manja motsata chuni. Ngati kulemera kwasuntha pakati pa kunena kuwiriku, mzerewo ukufuna kukonzedwa, makamaka ngati kusunthako kuli pa liwu lomaliza, pomwe khutu limamva msanga. Pakati pa mzere kuphonya kumodzi kumapiririka. Chachiwiri nyimbo imaimbidwa kwa munthu amene sanaone mawu ake, ndipo iye amafunsidwa kuti abwereze zimene wamva ndi kufotokoza tanthauzo lake. Pomwe wamva liwu lina, kapena wafunsa kuti akunena ndani, pali chilema. Chachitatu mawu amaperekedwa kwa kagulu ka oimba odziwa chuni koma osaphunzitsidwa mawu atsopanowo. Pamalo pomwe ena athamanga ena atsalira, kapena onse aima n'kuyang'anana, ndi pomwe m woima payekha, malembo a liwu okumana kapena noti yogawidwa sizinasonyezedwe bwino, ndipo pepala limabwerera kwa womasulira kuti akonze malo amenewo.